Maso Obwereka pa Kicheni Pate

Maso a amayi ndi ntchito yanga zinatha m'chaka chimodzi. Kampani ya boma imene ndinkatayipako inagulitsidwa, eni ake atsopano anatipatsa makalata otithokoza, ndipo ena mwa makalatawo ndinawatayipa ndekha. Patangopita miyezi yochepa, matenda a shuga anamaliza zimene anaziyamba kalekale m'maso mwa amayi. Tinkakhala ku Matero atatu, amayi, ine ndi mng'ono wanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene abambo anatisiyira. Mng'ono wanga ankagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale zija zimene zinadzaza mzinda wonse masiku amenewo, motero ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Ine wopanda kopita ndinasanduka maso a amayi. Ndinkayesa kuti ndi ntchito yopepuka kuposa kutayipa, koma ndinadzinamiza.

Amayi anabadwira konkuno, koma makolo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo Chichewa chawo sichinasungunuke ngati chathu. Zaka zawo zonse zamphamvu anagulitsa kapenta, tinsomba touma tija, pamsika. Ankadziwa wogula ndi wongolawa poona mmene munthu waikira basiketi pansi. Munthu wotero akasiya kuona, sakhala wofatsa ayi, amangosamutsira mavuto onse kwa amene wamubwereka maso.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kutchalitchi kudzawazonda. Anapemphera, anamwa tiyi, anapita. Chitseko chisanatsekeke bwino, amayi anayamba.

"Anali bwanji?"

"Benze na chifundo maningi, bamayi," ndinatero.

"Chifundocho unachiona chili pati? Chinakhala pampando uti?"

Ndinapsa mtima, pakuti ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo ndinawauza kuti ngati akufuna lipoti la polisi apite kupolisi. Iwo anangodikira. Amayi ankadziwa kudikira mopweteka, manja ali pamiyendo, chibwano chili m'mwamba. Ndiye ndinayamba kukumbukira. Ndinati popemphera mlendoyo anatsinzina diso limodzi lokha. Ndinati linalo linapita kumakina osokera katatu, ndipo potuluka anasisita thabwa la makinawo ndi chikhatho ngati akusisita mwana wa mnzake.

"Abweranso Lachisanu kudzafunsa ngati tikugulitsa," anatero amayi.

Anabwera Lachitatu. Amayi anadandaula tsiku lonse kuti ukalamba wayamba kuwaphonyetsa masiku.

Kuyambira pamenepo mawu monga kukondwa, kukwiya, manyazi ndi chisoni analetsedwa m'malipoti anga. Ankati ndikawauza kuti munthu wakwiya, ndawapatsa chakudya chotafuna kale. Ndinayesa kuwabera njira. Ndinaloweza timawu tija tinkalemba kusukulu, nkhope inagwa, maso anafiira, misozi ili mbwembwembwe, n'kumangowathira aliyense wobwera pakhomo. Sabata sinathe.

"Anthu onse a m'Matero nkhope zawo zikugwa?" anafunsa. "Zikugwera kuti? Aliyense amalira ndi maso, mwana iwe. Undiuze chimene wachita iyeyo, chimene mnzake sakanachita. Ndipo undiuze wachita liti, asanamve mawuwo kapena atamva."

Lero ndimalemba timabuku, ndipo anthu amandifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndimawayankha kuti ndinaphunzitsidwa ndi kutsinidwa pantchafu.

Chaka chotsatira kunabwera mwamuna wofuna mng'ono wanga. Ankayendetsa minibasi yakeyake pamsewu wa ku Chawama, imodzi mwa zija zinamera ngati bowa mabasi a boma atafa. Anali wamkulu ndithu kuposa mtsikanayo, wadazi, wamimba, wosayankhula. Akabwera ankakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, makiyi ali m'manja, n'kumayankha kuti "ee" ndi "awe" mpaka tiyi kuzizira. Koma sankabwera chimanjamanja. Lero thumba la ufa, sabata yamawa botolo la mafuta ophikira, tsiku lina mankhwala a amayi amene kuchipatala kunalibe. Ine sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba. Ndinkamutchula kuti Thumba la Ufa, ndipo ndinali wotsimikiza kuti mng'ono wanga akudzigulitsa kuti ife tidye.

Abale a mwamunayo anabwera ndi mbale zovindikira zofunsira ukwati monga mwa mwambo, amalume athu anazilandira, tsiku la ukwati linaikidwa. Pamenepo m'pamene ndinatsegula pakamwa panga. Ndinauza amayi zonse zimene ndinkaganiza, ndi zina zowonjezera. Amayi anaitana mwini wake n'kumufunsa maso ndi maso, ngati tingatero.

"Ukumufuna munthuyu?"

"Nili che bwino, bamayi."

"Sindinafunse za malungo. Ukumufuna?"

"Ni mwamene mwaonera imwe bakulu."

Mng'ono wanga anali wotero kuyambira ali mwana. Ine ndinabadwa ndi pakamwa pa anthu awiri, iye anapeza patatha. Kuwonjezera apo, mtsikana wa kwathu saonetsa njala ya banja, pakuti anthu anganene kuti kwawo kunalibe chakudya kapena mwambo. Ndiye mayankho amenewa akanatha kukhala a munthu wokakamizidwa, akanathanso kukhala a munthu woleredwa bwino. Amayi asanamufinye mokwanira, azakhali anamutenga kupita naye ku Chawama kuti alangizi akamuphunzitse za banja. Kumeneko anakhala mwezi wathunthu, ndipo mayi wake womubala saloledwa kulowerera.

Lachinayi lomaliza, kicheni pate itatsala masiku awiri, amayi anandiitana ndikuchapa kuseri.

"Ndinadya ufa wa munthu uja," anatero. "Sindinadziwe kuti mwina ndikudya mwana wanga. Loweruka ukhale pafupi nane, undiuze zonse. Ndikaona kuti sakufuna, Lamlungu amalume ako abweza mbale zija. Anthu aseke, atopa okha."

Sankaopseza chabe. Amayi akanena kuti abweza chinthu ankabwezadi, ngakhale nkhuku yonyonyola kale. Ine mumtima ndinakondwa, ndipo sindibisa. Ndinaona kuti ukwati wa Thumba la Ufa uli m'kamwa mwanga.

Kicheni pate ndi phwando la amayi okhaokha, limene amabweretsa ziwiya za kukhitchini kwa mkwatibwi, aliyense n'kuvina asanapereke mphatso yake. Masiku amenewo inali itangotentha kumene m'makomboni ngati athu a Matero ndi Chawama, ndipo amene analibe ntchito ndi amene ankavina kwambiri. Yathu inachitikira pabwalo la azakhali masana, pansi pa tenti yobwereka imene inali ndi bowo pakati penipeni. Amayi a ng'oma atatu anakhala pakona, mabokosi a zakumwa anasanduka mipando, ndipo fumbi la Chawama linabwera losaitanidwa. Ndinawakhazika amayi kutsogolo, ine kumanzere kwawo, pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo. Dzanja lawo linakhazikika pantchafu yanga, pamalo ake a nthawi zonse.

Vuto la tsikulo linali lakuti mkwatibwi saloledwa kukhala ndi nkhope. Amalowa atafunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amakhala pamphasa miyendo itatambasulidwa, ndipo ngakhale atamuvundukula, mutu umakhala zyoli mpaka phwando kutha. Saseka, sayang'ana munthu, sayankha. Akamwetulira, alangizi ndi amene amachita manyazi, pakuti anthu amati sanaphike bwino. Mkwatibwi wosangalala ndi mkwatibwi wogwidwa ukapolo amakhala chimodzimodzi pamphasa imeneyo. Ine ndinkadziwa zimenezi bwinobwino, koma ndinaona kuti mwambowo uli kumbali yanga.

Ng'oma zinasintha, nthungululu zinamveka, ndipo mulu wa chitenje unalowa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi alangizi awiri.

"Balowa," ndinanong'ona. "Ayenda monga ayenda ku malilo."

Chala cha amayi chinagwira mnofu.

"Akuyenda bwanji?"

"Pang'ono pang'ono. Aima, ayenda, aima."

"Akumukoka kapena akudziyendera?"

Ndinayang'anitsitsa. Mlangizi wamkulu, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anali atamugwira paphewa, koma dzanja lakelo linali lomubweza m'mbuyo, osati lomukankha. Ndinanena zimenezo monyinyirika. Amayi anangoti "mm," mawu amene sanali kumbali ya aliyense.

Anamukhazika pamphasa. Kwa nthawi yaitali panalibe chonena, chifukwa chitenje sichiphethira. Ndinafotokoza za mayi wina amene anavina mpaka wigi kupendekera kukhutu, amayi anaseka, kenaka ananditsina kuti ndibwerere kuntchito. Ndiye kunja kunamveka hutala ya minibasi. Mkwati ndi yekhayo mwamuna wololedwa kulowa, ndipo amalowa kanthawi kochepa, kudzavundukula mkazi wake n'kupita.

Analowa pakati pa alongo ake, atavala jekete imene inasokedwera munthu wina wa ku Ulaya wopanda mimba.

"Akuoneka bwanji?" anafunsa amayi.

"Monga thumba ya ufa yamene bavalika tayi."

"Ndikutsina."

"Jekete amanga batani ya pamwamba mu kabowo ka pansi. Thukuta ichokera pa dazi, ipita kumbuyo kwa khutu. Maluwa agwira mitu pansi, mwamene mugwilira nkhuku pochoka ku maliketi."

"Maso ali kuti?"

"Pa chitenje. Bazimayi bamuimbira mu khutu, bamuvinira pasogolo, koma sanayanganeko olo kamozi."

Pamenepo ndinaona chimene ndinkachiyembekezera. Mapewa a pansi pa chitenje anayamba kugwedezeka.

"Bamayi, alila," ndinatero, ndipo mawu anga anakwera kuposa mmene ndinafunira. "Mwana wanu alila. Nenze nakuuzani."

Kutsina kwa ulendo umenewo ndinakumva mpaka Lachiwiri.

"Misozi waiona kudzera m'chitenje? Mapewa akutani?"

"Yagwedezeka."

"Akukwera n'kukhala m'mwamba, kenaka n'kugwa, ngati munthu wosowa mpweya? Kapena akunjenjemera timsangamsanga?"

Ndinayang'ana. Ankanjenjemera timsangamsanga, n'kuima, n'kuyambiranso. Ndinazindikiranso kuti ankayambiranso nthawi iliyonse nsapato za mkwati zikalira, pakuti zinali zatsopano ndipo zinkalira ngati mwana wa mbewa pa sitepe iliyonse. Ndinawauza amayi za mapewa. Za nsapato anali atamva kale okha.

Mkwati anagwada kumapazi kwa mkwatibwi, bondo limodzi, kenaka linalo, maluwa n'kuwaika pafumbi. Ntchito yake inali yopinda chitenje kuchokera kumapazi kukwera nacho mpaka kumutu. Koma alangizi anali atachipinda mphepete n'kuchilowetsa pansi pa miyendo mwadala, kuti mkwati avutike pang'ono anthu aseke. Munthu uja ankayendetsa minibasi pakati pa chipwirikiti cha mzinda ndi dzanja limodzi, koma apa zala zake zinkangopapasa pamphasa ngati zafa dzanzi. Anafuna kumanzere, anafuna kumanja. Amayi a ng'oma anayamba nyimbo yomunyoza, bwalo lonse linalandira. Makutu ake anali kunyezimira ndi thukuta.

Ine ndinali pansi, kutsogolo, pamalo amene ena sanali. Ndinaona phazi la mng'ono wanga likusuntha m'kati mwa chitenje. Chidendene chinadzuka pang'ono, chala chachikulu chinakola mphepete ya nsalu ija n'kuikankhira kunja, pang'onopang'ono, mpaka inakhudza dzanja la mwamunayo. Iye anaigwira. Mutu wa mkwatibwi sunasunthe, alangizi sanaone kanthu, ndipo bwalo linaimba nthungululu poyamikira nzeru za mkwati.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa amayi. "Wapeza?"

"Apeza."

"Wapeza bwanji?"

Ndikanatha kunena kuti wangopeza. Silikanakhala bodza lenileni. Palibe wina anaona, ndipo amayi analibe maso ena koma anga. Ndinali ndi mapewa ogwedezeka, ndinali ndi mutu wozyolika, ndipo ndikanawonjezera mawu amodzi okha akuti chisoni, Lamlungu mbale zikanakwera minibasi kubwerera kwawo. Chitenje chinali chitafika kale m'mawondo. Chimene chinandivuta n'chakuti mawu akuti chisoni ndikanawanena mosavuta, chifukwa ndi maganizo anga ndipo munthu saimbidwa mlandu pa maganizo. Koma phazi linali litachita chinthu, ndipo chinthu chochitika ukachibisa umadziwa kuti waba.

"Kwendo," ndinatero.

"Mwendo watani?"

Ndinawauza zonse, chidendene, chala, mphepete ya nsalu, ndi kuti zinachitika nyimbo yonyoza itafika pachimake. Dzanja la amayi linamasuka pantchafu yanga.

Chitenje chinafika kumutu n'kugwera kumbuyo. Nkhope inatuluka, yopakidwa bwino, maso ali pansi, ndipo pamasaya panalidi misozi, mizere iwiri yodula ufa wodzola. Amayi a kumbuyo kwathu anayamba kuyamikira. "Bamupunzisa bwino," anatero wina. "Onani mwamene alilira nyumba ya bamake." Mlangizi wamfupi uja anatukula chifuwa ngati walandira mendulo.

"Misozi iliko," ndinanong'ona. "Iyi niyaona na menso yanga."

"Misozi ndi madzi," anatero amayi. "Anyezi amaitulutsanso. Pakamwa pali bwanji?"

"Atseka."

"Watseka bwanji? Milomo yalendewera kapena yakanikizana?"

"Yakanikizana. Saya ya ku lefti yangena mukati, monga aluma mukati mwa kamwa. Mphuno itseguka, itsekeka, itseguka."

"Khosi?"

"Ameza mata. Ameza futi."

Pamenepo thupi la amayi linayamba kugwedezeka, timsangamsanga, ndendende ngati mapewa aja. Anaika nsonga ya chitenje pakamwa.

"Ndi tsaya lomwelo," anatero atapeza mpweya. "Mng'ono wakoyu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mlaliki wina anayetsemula mano oikirira n'kugwera m'mbale ya chopereka. Iwe unaseka mokweza, ndinakutulutsa panja n'kukukwapula. Uyu anakhala phee mpaka pemphero lomaliza, misozi ikutsika, anthu n'kumati mwanayu wagwidwa ndi Mawu. Titafika kunyumba ndinapeza tsaya lakumanzere litatupa m'kati. Mwana ameneyu akamva chisoni salira, amagona tulo. Pamaliro a abambo ako anagona masiku awiri, waiwala?"

Ndinali nditaiwaladi. Ndinakhala naye chipinda chimodzi moyo wanga wonse, ndinali ndi maso awiri abwinobwino, koma ndinkawerenga nkhope yake ngati ya munthu wina aliyense wa mumsewu.

"Koma kuseka sindiko kufuna, bamayi," ndinatero, pakuti ine sindigonja msanga. "Olo ine nimuseka uja muntu."

"Zoona," anatero. "Pitiriza kuyang'ana. Iye akutani tsopano?"

Mkwati anali atatola maluwa ake, akuwakuntha fumbi pabondo. Anawaika pamiyendo ya mkwatibwi, mitu ikuyang'anabe kolakwika. Anayenera kudzuka pomwepo, koma anachedwa, akuyang'ana mizere ija ya pamasaya. Nsidze zake zinakumana pakati, pakamwa panatseguka pang'ono. Analowetsa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa kansalu kamene ndikukhulupirira kuti ankapukutira galasi la minibasi, n'kuima nako m'malere, osadziwa ngati n'kololedwa. Mlangizi anamumenya padzanja. Bwalo linafa ndi kuseka, iye n'kubweza kansalu kake msangamsanga.

Zonsezi ndinazinena mmene zinkachitikira, ndipo ndinadabwa kumva kuti mawu anga asiya kuluma.

"Nanga mwana wanga?"

"Mutu ukali pansi. Koma kwendo kuja sikunabwelere. Kakolo kakali kogunda bondo yake."

"Iye anasunthira kwa mwana, kapena mwana anasunthira kwa iye?"

"Bondo ili pamene inagwadila. Kwendo ndiye kwapatuka pa mzere."

Alongo ake anamudzutsa mkwati n'kutuluka naye, nsapato zikulirabe. Mng'ono wanga sanatukule maso. Koma nsapato zija zitafika kugeti, mutu wake unapendekera pang'ono mbali imeneyo, khutu lili patsogolo, ndipo unakhala choncho mpaka injini ya minibasi inalira n'kuzimiririka. Kenaka dzanja lake limodzi linatembenuza maluwa aja kuti mitu iyang'ane kwa iye, n'kubwerera pamalo pake mlangizi asanacheuke.

Nditamaliza kunena zimenezo, amayi anapuma mpweya wautali, nakonza duku lawo.

"Mbale zikhala," anatero. "Ukauze amalume ako agule nsapato, koma zosalira."

Ndinati chabwino. Ndinayang'ana kumphasa kuja ndipo ndinaona kuti mng'ono wanga ndi wokongola, ndi kuti wapita kale. Mphatso zinayamba kuitanidwa. Mayi wina anavina ndi sefa, wina ndi mpeni wa buledi umene unachititsa oyandikana naye kusuntha mabokosi. Ine ndinkafotokoza zonse mwachangu ndi moseketsa, kuposa mmene ndinachitira tsiku lonse, mpaka amayi anandidula pakati pa chiganizo.

"Tsopano nditembenuke ine," anatero motsitsa mawu. "Pali munthu wina pano amene sunandifotokozere. Ntchafu yake yauma ngati mtengo chilowere mkwati. Dzanja lake ndalikhudza, lazizira, dzuwa lonseli. Akuyankhula mofulumira ngati kondakitala, ndipo wameza malovu kanayi pofotokoza sefa. Chiyambire kutuluka kwa mkwati sanatukwane munthu ngakhale mmodzi."

Sanatchule dzina la chinthucho, ndipo anachita bwino, pakuti akanatchula ndikanakana mpaka mawa. Koma ine ndikhoza kuchitchula tsopano. Ndinkaopa. Sindinkaopera mng'ono wanga ayi, ndinkadziopera ndekha. Iye akapita, ndikanatsala ine m'zipinda ziwiri zija, wopanda ntchito, wopanda wondifunsira, ndikufotokozera amayi nkhope za anthu ena mpaka yanga itakwinyika. Chisoni chimene ndinkachiona pamphasa paja ndinali nditabwera nacho ndekha kuchokera ku Matero.

"Ni mphepo che," ndinatero.

"Ee, mphepo ya mwezi wa Okutobala," anatero amayi. "Tamvera. Ine sindinabereke ndodo, ndinabereka mwana. Njira ya kuchimbudzi ndikuidziwa, ya kutchalitchi aneba akuidziwa. Lolemba uvale bwino upite m'tauni ukagogode m'maofesi. Madzulo uzibwera kudzandiuza mmene akukanira, koma undiuze bwino, nsidze ndi zala zomwe."

Ndinafuna kuyankha mwaukali. Mwamwayi mlangizi anaitana mayi wa mkwatibwi, ng'oma zinakwera, ndipo amayi anaimirira okha ndisanawagwire. Mphatso yathu inali poto wamkulu amene ndinamukulunga m'pepala lonyezimira. Ndinanyamula poto kudzanja limodzi, amayi kudzanja linalo, tinalowa pakati. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuvina ngati munthu amene sakuona amene akumuyang'ana, ndipo bwalo lonse linaimirira.

Titafika pamphasa anagwada, napapasa mpaka anapeza nkhope ya mwana wawo. Anayendetsa chala patsaya lakumanzere, n'kulikanikiza pang'ono. Mkwatibwi anadzidzimuka ndi ululu.

"Lavula tsayalo, udzalifuna paukwati," anamunong'oneza. "Ndamuona munthu wako. Mabatani uzimumangira ndiwe."

Mwezi wathunthu wa alangizi unathera pomwepo. Mng'ono wanga anaphulika kuseka pamaso pa Chawama yense, mutu uli m'mwamba, mano onse panja, atagwira dzanja la amayi ndi langa. Mlangizi wamfupi uja sanatipatsenso moni mpaka Khirisimasi.